Za chiovolosi chofiira chija, mvetserani kaye masamu ake

Inde, uja ali pachithunzi chikuzungulira pa WhatsApp chija ndine. Musavutike kuchikuza kuti muone nkhope. Ndine amene ndavala chiovolosi chofiira chaubweya m'kati, pakati pa msika wa Nchalo, mwezi wa Okutobala dzuwa lili paliwombo, telala atagwada kumbuyo kwanga sizasi ili m'manja. Amene anajambulayo ndikumudziwa, ndipo ngongole ya malaya sanabwezebe. Koma musanayambe kufalitsa zoti ndazungulira mutu, dziwani kuti chinandiveka chinthu chija ndi masamu.

Belo ndinakaoda ku Limbe, la makilogalamu 45, malaya aamuna, pa K360,000 ya kubanki mkhonde. Wogulitsa anati mumakhala malaya pafupifupi 200. Minibasi ikutsetsereka mapiri kulowera ku Thabwa, anzanga akugwira mipando n'kumapemphera, ine ndinali pafoni kuwerengera chuma. Malaya abwino kwathu amayenda K6,000. Ndinagawa K360,000 ndi K6,000, yankho n'kubwera 60. Ndiye kuti ndikagulitsa malaya 60 mpamba wabwerera, 140 otsalawo ndi phindu lokhalokha. Powoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu n'kuti nditagula kale njinga yamoto m'mutumu, ndikungosankha mtundu.

Mayi akunyumba anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anangofunsa kuti, "Nanga abambo, belolo lachita kuuluka kuchokera ku Limbe?" Anayamba kuwerenga ndi zala: ulendo wanga kupita ndi kubwera, malo a belo m'minibasi, mnyamata wonyamula, mahang'ala, chingwe choyanikira. Zonse K20,000. Mpamba weniweni unali K380,000, ndipo ukaugawa ndi K6,000 umapeza 63 ndi kanyenyeswa. Ine ndinati basi 63. Iwo anati 64, chifukwa palibe munthu amabwera pamsika kudzagula mkono wa malaya. Ndinavomera mwaulemu. Malaya anayi si nkhani yoti mwamuna agonere ndi njala.

Nkhani inayamba titadula mawaya. Kugawa kuja kumayenda bwino ukaoda katoni ya sopo, chifukwa sopo aliyense ndi wofanana ndi mnzake ndipo mtengo ndi umodzi. Belo la kaunjika lili ndi misika itatu m'kati mwake, ndipo wogulitsa amakuuza za msika woyamba wokha. Tinapeza malaya 190. Oti munthu angapereke K6,000 osatukwana analipo 35. Apakati, ofwifwa pang'ono kapena osowa batani, oyenera K2,500, analipo 80. Otsala 75 anali aja amaunjikidwa pansi pa K500: kolala yodyeka, madontho osadziwika chiyambi chake, ena aakulu moti banja lonse lingabisalemo mvula. Pansi penipeni, chitapindidwa mwaulemu, panali chiovolosi chija, cha anthu a kumayiko kogwa chisanu. Chinalowamo bwanji m'belo la malaya, akudziwa ndi amene anamanga.

Tinawerengeranso. Abwino 35 aja akatha onse amabweretsa K210,000. Kuti mpamba ukwane pamatsala K170,000, ndipo imeneyo iyenera kuchokera kwa apakati a K2,500, kutanthauza malaya 68. Kuphatikiza, 103. Njinga yamoto ija inasanduka yakapalasa usiku womwewo.

Kutacha kunabwera abale. Sindikudziwa kuti fungo la belo limafika bwanji kumudzi, koma alamu anafika tisanamwe tiyi. "Alamu, tingoona nawo." Munthu woona nawo sapita pamulu wa K500. Anasankha atatu pa abwino aja, adzalipira kumapeto kwa mwezi, mwezi wake sanatchule. Atsibweni anatenga awiri. Wojambula zithunzi uja amodzi. Enanso amodzi, oyera amizeremizere, ndinatenga ine, ndipo pamenepa musandiweruze, wogulitsa malaya ayenera kuoneka bwino, ndiko kuitanira malonda.

Abwino anatsala 28, omwe ndi K168,000. Apa mpamene ndinazindikira kuti malaya abwino amodzi akachoka ulere, pamafunika apakati awiri ndi chidutswa kuti atseke dzenjelo, kapena a pansi 12. Pankafunika K212,000 kuchokera kwa apakati, koma onse 80 atagulidwa amangokwana K200,000. Yotsala K12,000 inayenera kuchokera pamulu wa K500, malaya 24. Chiwerengero chija chinayamba 60 m'minibasi tsopano chinali 132, ndipo apo sitinawerengere chiphaso cha msika cha tsiku lililonse, kapena kasitomala amene ukati K6,000 iye amayambira K3,000 akukuyang'ana m'maso.

Abwino anatha msanga, anthu a kumunda wa nzimbe atalandira. Apakati anayenda mokwawa koma anayenda. Mulu wa K500 ndiye unakana. Anthu ankautembenuza ndi phazi n'kumapita. K12,000 yokha basi, ndipo tsiku lobweza kubanki mkhonde linali litayandikira.

Ndiye kunabwera mkulu wina wakabaza wanjinga yamoto. Anati amanyamula anthu m'bandakucha kukwera nawo ku Blantyre, ndipo kumtundako mphepo imalowa m'mafupa. Anachigwira chiovolosi chija, n'kuchinunkhiza, n'kunena kuti apereka K12,000 ngati zipi yake ikugwira ntchito. Tamvani bwino, K12,000 yeniyeniyo. Malaya 24 a pansi mwakamodzi. Inuyo mukanatani?

"Achimwene, tayesani," ndinatero. Iye anati ayi, thukuta, ndiyese ndine. Ndinalowamo. Zipi inakwera bwinobwino kuchokera pamchombo mpaka pakhosi, phokoso lake lokoma, kenako inaluma ubweya n'kuima pomwepo.

Abale anga, kutentha kwa ku Chigwa cha Shire mumakudziwa, koma simunakumve muli m'kati mwa chovala chosokedwa kuti munthu agone pachisanu osafa. Poyamba ndinamwetulira, kuti kasitomala asaone vuto. Ndinayendako pang'ono uku ndi uku, manja ali tambalale chifukwa sankapindika. Thukuta linayamba kutsika, kudzaza miyendo ya chiovolosi kuyambira kumapazi kukwera, moti ndikaponda ndinkamva phwava phwava. Ndinali kupsa ngati mbatata yokwiriridwa m'phulusa. Ana anasonkhana. Wina analira, wina anathamanga kukaitana anzake. Mayi wogulitsa tomato anathira mafuta ophikira pazipi, sinasunthe, ine n'kuyamba kununkhira ndiwo. Bambo wina anabwera ndi pulayala, n'kuthyola kogwirira, n'kunena kuti zipi za masiku ano n'zosalimba, n'kumapita. Mayi wina wachifundo anandithira ndowa ya madzi, osadziwa kuti chinthucho sichilowa madzi. Madzi onse anathera pamulu wa K500.

Nthawi yonseyi wakabaza uja anali chiimire, manja m'thumba. Telala atafika ndi sizasi, iye anandiyandikira n'kunong'ona kuti, "Bigi, chikadulidwa ndipereka K2,000." Ndinali ndisanamuyankhe pomwe sizasi inalowa kumsana.

Telala anafuna K1,000 ya ntchito. Madzulo mayi akunyumba anailemba m'kope, pansi pa mahang'ala, n'kundiuza kuti mpamba tsopano ndi K381,000, ndiye chiwerengero chafika 134. Ndinati nanga K2,000 ya wakabaza ija? Anati mkuluyo anachitenga pangongole, ndinavomera ndekha ndili chigonere pansi pa benchi, mboni zilipo.

Malaya a K500 akadalipo, auma tsopano. Amene mwaseka kwambiri mutenge awiriawiri.