Mzere umene manotsi adadumpha popeza a ndi b

Ndamaliza tsopano kupeza mafomula a mzere wa y = a + bx umene umayandikira kwambiri madontho a x ndi y amene tili nawo, koma mtima udakali m'mwamba chifukwa cha manotsi amene tidapatsidwa. Pamalo ovuta penipeni adangolemba kuti "mukafewetsa mupeza izi", basi yankho n'kutulukira. Mzere wosowawo udandidyera tsiku lathunthu.

Poyambira m'posavuta. Pa dontho lililonse, chotsalira ndi y − a − bx, kutanthauza mpata wa pakati pa y weniweni ndi y wa pa mzere. Timachita sikweya zotsalirazo kuti zamayinasi zisafafanize zapulasi, kenako n'kuphatikiza:

S = Σ(y − a − bx)²

Tikufuna a ndi b amene achepetse S kwambiri, ndiye timadifarensheta S kawiri, potsata a kenako potsata b, zonse n'kuziika kuti zifanane ndi 0.

Yambani ndi a, chonde. Mupeza −2Σ(y − a − bx) = 0. Apa Σa ndi na, osati a yekha, poti a akubwera kamodzi pa dontho lililonse, ndipo n ndi chiwerengero cha madonthowo. Mukagawa ndi n zikhala a = ȳ − bx̄, ndiye kuti mzere uyenera kudutsa pa avereji ya x ndi ya y.

Potsata b mupeza Σx(y − a − bx) = 0. Lowetsani a uja, zikhala Σx(y − ȳ) = bΣx(x − x̄). Apa m'pamene ndidaima, chifukwa fomula ya m'manotsi ili ndi (x − x̄) pamene ine ndili ndi x yekha. Adachoka kuti x̄ ameneyu? Chinsinsi chake n'chakuti Σ(y − ȳ) = 0 ndiponso Σ(x − x̄) = 0. Choncho kuchotsa x̄Σ(y − ȳ) kumanzere ndi bx̄Σ(x − x̄) kumanja n'kuchotsa 0, palibe chasintha. Chiganizo chimodzi chokhachi, chikadawavuta chiyani kulemba?

b = Σ(x − x̄)(y − ȳ) / Σ(x − x̄)²

Ndidayesa ndi x = 1, 2, 3 ndi y = 5, 6, 10. Apa x̄ = 2, ȳ = 7. Pamwamba: (−1)(−2) + 0 + (1)(3) = 5. Pansi: 1 + 0 + 1 = 2. Ndiye b = 2.5, a = 7 − 5 = 2. Mzerewu ukupereka 4.5, 7 ndi 9.5, zotsalira ndi 0.5, −1 ndi 0.5. Zikuphatikizana kukhala 0, ndipo mukazichulukitsa ndi x wake mupeza 0.5 − 2 + 1.5, yemwenso ndi 0. Chimodzi mwa ziwirizi chikakana, pali pamene masamu aphonyeka.

Ndimaiwala: ngati ma x onse ali ofanana, pansi pamakhala 0 ndipo b sapezeka. Ndibwerezenso, pezani a poyamba. Mukathamangira b mudzakhala ndi zosadziwika ziwiri mu ikwezhoni imodzi, pepala n'kudzaza pachabe.