Karoselo ya nkhani: mphamvu yake ili pokhotera

Masabata ano ndakhala ndikuphunzira kalembedwe ka karoselo, positi ija ya zithunzi zingapo zimene munthu amasuntha ndi chala. Pa Instagram masamba amafika mpaka 20, pomwe pa LinkedIn umaika fayilo ya PDF ndipo tsamba lililonse limaoneka palokha. Nkhani yake imayenda m'magawo atatu: vuto, pokhotera, ndi phunziro. Vuto aliyense amatha kulifotokoza, phunzironso silisowa. Pamene ndaona kuti ambiri timagwa ndi pakatipo.

Kuti ndimvetse bwino, ndinayala nkhani ya mnzanga wa ku Tsangano amene amalima kachewere. Iye akufuna kuti ogula a ku Lilongwe ndi ku Blantyre amudziwe ngati munthu wa mbatata yosawola msanga. Tinagwiritsa masamba 8.

Tsamba loyamba lilibe moni, lilibe dzina. Lili ndi chithunzi cha mbatata zosupuka ndi mawu akuti, "Matumba anga ankafika ku Blantyre atayamba kale kuwola." Wogulitsa tchipisi akawerenga zimenezi amaima, chifukwa zinamuchitikirapo. Lachiwiri likunena zimene vutolo linamudyera: wogula wake wakale anasiya kuyankha foni. Tsambali liyenera kumveka palokha, popeza Instagram nthawi zina imaonetsanso positi kuyambira pa chithunzi chachiwiri kwa amene anangoidutsa. Lachitatu ndi la zimene ankaganiza molakwika. Ankaloza chala oyendetsa lole, kenako matumba.

Pokhotera tinapapatsa masamba awiri, ndipo ndi pamene tinakhalitsa. Mnzangayo poyamba ankafuna kulemba kuti, "Ndinaganiza zosintha ndipo ndinalimbikira." Mawu amenewa ndi oona, koma wowerenga saonapo kanthu, ndipo angakwanenso pa nkhani ya telala kapena ya wakabaza. Nditamufunsa za tsiku lenilenilo, anakumbukira bambo wina wachikulire pa msika wa Lizulu amene anatola mbatata imodzi, n'kuitikita ndi chala chachikulu, khungu n'kusupuka. Bambowo anati, "Mwana wanga, wakumba khungu lisanakhwime." Apa ndiye pokhotera: pali malo, pali munthu, pali chinthu chooneka ndi maso, ndipo maganizo a pa tsamba lachitatu agwa. Si lole ayi, vuto linayambira kumunda.

Muyeso umene ndatolapo ndi uwu. Ngati pokhotera pako sungapajambule chithunzi, ndiye kuti sunapapeze. Ndipo payenera kutsutsa chinthu chimene wanena kale, apo ayi nkhani yangopitirira, sinakhote.

Tsamba lachisanu ndi chimodzi likuonetsa chimene anachita: kudula mitengo ya mbatata masabata awiri asanakumbe kuti khungu lilimbe, kukumba nthaka itauma, ndi kupatula zotemeka ndi khasu asanathire m'matumba. Lotsatira ndi phunziro, limodzi lokha, m'chiganizo chimodzi: "Musanagule thumba, tikitani mbatata imodzi ndi chala." Onani kuti phunziroli likupita kwa wogula, osati kwa mlimi mnzake, chifukwa wogulayo ndiye amene mnzangayo akufuna kuti amukhulupirire. Dzina la mnzangayo ndi kumene amapezeka zabwera pa tsamba lomaliza, munthu atalandira kale kanthu kothandiza.

Kodi udziwa bwanji kuti zatheka? Ine ndimayang'ana zimene anthu ayankha. Akamangoti "pepani, Mulungu alipo", vuto lameza nkhani yonse, ndipo akudziwa ngati munthu wa tsoka. Akamangoti "mwachita bwino", waonetsa kupambana koma sunaphunzitse kanthu. Koma wina akafunsa kuti, "Mumadula ndi chikwakwa kapena mumazula?", ndiye kuti wafika pokhotera ndipo wayamba kukuona ngati wodziwa ntchito. Pa Insights, pomwe Instagram imakuonetsa mmene positi yako yayendera, chiwerengero cha osunga positi ndi oitumiza kwa anzawo chimanena zambiri kuposa timitima.

Pali malire awiri amene ndikuwasamala. Loyamba, nkhani ikhale yoona. Kuno kwathu anthu amadziwana, ndipo wa ku Lizulu akawerenga zopeka, mbiri imene umamanga ija yatha pomwepo. Ngati pokhotera palibe, ndi bwino kungolemba malangizo wamba. Lachiwiri ndi malo oikapo. Pa Facebook zithunzi zambiri zimaunjikana pamodzi, moti munthu amatha kuona zam'tsogolo asanamve vuto. Makasitomala ambiri a mnzangayo ali pa WhatsApp, choncho masamba omwewo tiwaika pa Status motsatana, zilembo zikuluzikulu, mizere yosaposa itatu pa tsamba, kuti owerenga pa foni yaing'ono asavutike.