Mmene tinachepetsera mankhwala ogonetsa a amayi anga

Amayi anga, omwe ali ndi zaka 80, anapatsidwa dayazepamu wa mamiligalamu 5 kuti azimwa pogona, chifukwa chimwalirireni bambo ankasowa tulo. Poyamba ankagona bwino, koma mankhwalawo atalowerera anayamba kuwodzera masana, kulankhula mokoka lilime ndiponso kundiitana dzina la mchemwali wawo, mpaka usiku wina anagwa akupita kuchimbudzi. Achibale ankati ndi ukalamba basi, koma ukalamba susokoneza munthu mutu m'masabata ochepa chotero.

Popita kuchipatala ndinatenga buku lawo lakuchipatala, ndipo mankhwala onse a m'nyumba ndinawaika m'jumbo limodzi, ngakhale ogula pagolosale. Mmenemo munapezeka piritoni amene ankamwera chimfine, yemwenso amagonetsa ndi kusokoneza okalamba, choncho amayi ankamwa mankhwala ogonetsa awiri osadziwa. Adokotala anayamba awayeza malungo, shuga ndi mkodzo, popeza matenda amenewa amabalalitsanso mutu wa okalamba mwadzidzidzi, kenaka anawapima chiuno ndi mutu, n'kuwayeza kuthamanga kwa magazi atagona ndiponso ataimirira.

Zonsezi zitapezeka kuti zili bwino, anatifotokozera pamene panagona vuto. Dayazepamu amabisala m'mafuta a m'thupi, ndipo munthu akamakalamba mafuta amachuluka pamene minofu ikuchepa, komanso chiwindi chimachedwa kuphwanya mankhwalawo. Mwa munthu wa zaka 20, theka la mankhwalawo limachoka m'thupi pakatha maola pafupifupi 20, pamene mwa wa zaka 80 limatha kutenga masiku atatu kapena anayi. Motero piritsi la lero limapeza la dzulo ndi la dzana akadali m'magazi, n'chifukwa chake vuto limaonekera mochedwa. Ubongo wa wokalamba sulimbanso ndi mankhwalawa, ndipo amafooketsa minofu, kotero kuti akadzuka mumdima miyendo imachedwa kumvera. Pa zifukwa zimenezi okalamba amayambira pa theka la mlingo wa akuluakulu ena, ndipo amamwa kwa nthawi yochepa, yosapitirira masabata anayi.

Ine ndinkafuna kuti asiyiretu tsiku lomwelo, koma adokotala anakana, nati thupi likazolowera, kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa kusowa tulo koposa kale, kunjenjemera, mwinanso kukomoka ngati wakhunyu. Piritoni anamuletseratu, koma dayazepamu anati tizidula piritsi pakati, mamiligalamu 2.5, mpaka tsiku lobwererako, pamene anachepetsanso asanawasiyitse. Mapiritsi ndinkasunga ndine, chifukwa munthu wosokonezeka amaiwala kuti wamwa kale n'kumwanso. Ndinawaikira chitini ndi tochi pafupi ndi bedi, ndipo tiyi wamadzulo tinamusiya. Kuwodzera kunapitirira masiku angapo titachepetsa mlingo, monga tinauzidwira, ndipo pamasiku amenewo ndinkagona m'chipinda mwawo kuti asadzuke okha.