Mawindo atachedwa ku Randburg

Lolemba pa 17 Novembala ndinafika pa nyumba yomwe tikukonza ku Randburg, kuno ku Joni, ndikuyembekezera galimoto ya mawindo a aluminiyamu. M'malo mwa galimoto kunabwera foni: mawindo afika pa 1 Disembala. Bwana anagwirizana ndi mwini nyumba kuti tsiku lopereka makiyi lichoke pa 28 Novembala lifike pa 12 Disembala, lomwenso ndi tsiku lathu lotsekera ntchito ya chaka. Kuuza anthu inali ntchito yanga monga kapitawo, ndipo ndinailakwitsa. Ndinalemba pa gulu lathu la WhatsApp mzere umodzi wokha: "Ntchito yasuntha ndi masabata awiri, mawindo achedwa."

Lachiwiri m'mawa a penti sanabwere. Iwo anamva kuti zonse zaima, anakagwira ganyu ku Roodepoort. A matailosi anabwera koma ali ndi nkhawa, akufunsa ngati malipiro a Lachisanu alipo. Mnyamata wathu wosakaniza simenti anangokhala chete tsiku lonse, kenako madzulo anandionetsa tikiti ya basi yakumudzi ya pa 6 Disembala, yomwe anagula kale ku Park Station. Onsewa anawerenga uthenga wanga, timizere tiwiri ta buluu tinalipo. Koma palibe amene anapezamo yankho la funso lake, loti iyeyo mawa achite chiyani.

Usiku umenewo ndinatenga pepala n'kuyamba kuwerengera chobwerera m'mbuyo kuchokera pa 12. Mawindo akafika pa 1, kuwaika ndi masiku awiri. Pa 3 tipaka pulasitala m'mbali mwake. Pulasitala wamuwisi sapakidwa penti, imatukusira n'kusupuka, ndiye ndinasiya masiku oti aume, makamaka pano mvula ya masana yayamba kuno ku Joni. A magetsi sangamange masoketi ndi nyali khoma lisanapentedwe. Apa ndinaona kuti masabata awiriwo sakugwa mofanana pa aliyense: ena ntchito yawo sinasinthe n'komwe, ena akhala masabata awiri opanda chochita.

Lachitatu ndinaimbira kaye mnyamata wa tikiti uja, chifukwa nkhani ya ulendo ndi ndalama za munthu siyoikira pagulu. Tinagwirizana kuti agwire mpaka pa 5, anyamuke monga anakonzera. Kenako ndinalemba uthenga wina, womwe pano ndangochotsamo mayina:

"Akuluakulu, tsiku lomaliza nyumba ya ku Randburg lasintha. Linali Lachisanu pa 28 Novembala, tsopano ndi Lachisanu pa 12 Disembala, chifukwa mawindo afika pa 1 Disembala. Malipiro a Lachisanu lililonse sanasinthe, pa masiku omwe mwagwira.

Achimwene a matailosi, zimbudzi ndi mabafa pitirizani, mumalize pa 26 Novembala monga kale. Pabalaza musayambe, mudzayala pa 4 ndi pa 5 Disembala.

Bambo a penti, siling'i ndi khonde lam'kati mupake sabata ino mpaka pa 21. Kuyambira pa 24 Novembala mpaka pa 5 Disembala kuno kulibe ntchito yanu, mutha kugwira kwina. Mudzabwere Lolemba pa 8.

Achimwene a magetsi, m'malo mwa pa 26 Novembala mudzabwere pa 10 ndi pa 11 Disembala, satifiketi ya magetsi ikhale itatuluka pa 11.

Aliyense ayankhe polemba tsiku lake lobwera isanakwane 6 koloko madzulo ano."

Mawu oti "sabata yamawa" ndinawapeweratu. Uthenga umawerengedwa Lachitatu ndi wina, Loweruka ndi wina, ndiye sabata yamawa imakhala iwiri. Ndinaikanso tsiku lakale pambali pa latsopano, kuti amene analemba 28 pa kalendala yake adziwe chofufuta. Chomwe ndinaona kuti chinathandiza kwambiri ndi kuuza a penti poyera kuti ali omasuka masiku amenewo. Munthu wolipidwa pa tsiku ukamusiya m'malere amadzipezera yekha ntchito, ndipo tsiku lomwe ukumufuna umapeza ali ku Pretoria.

Kupempha kuti ayankhe ndi tsiku, osati chala chokweza, kunavumbula vuto Lachinayi. A magetsi analemba kuti pa 10 ali ndi nyumba ina ku Midrand, pa masiku awiriwo angathe pa 11 pokha. Tsiku limodzi silikwana kumanga zonse ndi kuyeza. Tinakambirana kuti adzabwere pa 9 masana kuyamba zipinda zomwe penti idzakhale itauma, amalize pa 11. Zimenezi zinasinthanso ndondomeko ya a penti, kuti ayambire kuzipinda zogona osati pabalaza, ndiye ndinawalembera paokha, kenako n'kutumizanso uthenga wonse pagulu utakonzedwa, pamwamba nditalemba kuti wa Lachitatu usagwiritsidwenso ntchito.

Lachisanu tinatseka mabowo a mawindo ndi mapulasitiki akuda ndi matabwa, mitambo itayamba kale kuda chakumwera. Ndinasindikiza uthengawo n'kuumata pa chitseko cha sitolo ya zipangizo, pomwe aliyense amatenga fosholo m'mawa.