Kuchezera usiku kapena kulawirira?

Anzanga amene mukukonzekera mayeso a MSCE, zoviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti muwerenge mpaka tambala woyamba zija muzisiye. Zimene mwawerenga ubongo umayamba wazisunga mongoyembekezera, ndipo umazikhazikitsa bwino mukagona, makamaka pa tulo tofa nato timene timachuluka m'maola oyambirira a tulo. Mukachezera usiku wonse, notsi za Bayoloje zija zimasowa mpata wokhazikika. Mawa lake mumangokumbukira kuti tsambalo linali ndi chithunzi cha impso kumanzere, koma mayina a ziwalo zake osabwera.

Ine ndimaona kuti nkhani yatsopano ndi bwino kuiwerenga madzulo, kutseka buku cha m'ma 9 koloko, n'kugona. Mukadzuka 5 koloko musathamangire kutsegula kope. Tengani pepala, jambulani impso ija kuchokera m'mutu, kenako muone pamene mwaphonya.

Kulawirira nakonso si mankhwala ngati munagona mochedwa. Wogona 12 koloko n'kudzuka 3 koloko wangodzibera tulo basi, pamene wachinyamata wosakwana zaka 18 amafunika maola 8 mpaka 10. Mukaona kuti mwabwereza mzere umodzi katatu osamva kanthu, zimitsani nyali mukagone.