Za tchati cha ukwati zija, imvani kwa mwini wake

Popeza nkhani yafika kale ku Kawale, ndipo ena akuti ndagula njinga yamoto ndi ndalama za ukwati, lekani ndinene ndekha. Sindinabe. Ndinangowerenga mzere wolakwika wa manambala pa pulotirakita.

Komiti inagawa ndalama motere: chakudya 45 peresenti, holo 30, magalimoto 15, zina ndi zina 10. Ine ndinkafuna kuonetsa magawowa pa tchati cha bwalo. Bwalo lathunthu lili ndi madigiri 360 ndipo likuimira 100 peresenti, ndiye peresenti imodzi ndi madigiri 3.6. Mumangochulukitsa basi. Chakudya, 45 × 3.6, chinandipatsa madigiri 162, holo 108, magalimoto 54, zina ndi zina 36. Kuphatikiza zonse, 360 ndendende. Masamu analibe banga, zimenezo mukawauzenso.

Ndinajambula bwalo ndi kampasi, n'kulemba mzere kuchokera pakati kufika m'mphepete. Pakati pa pulotirakita pamakhala pa kadontho ka pakati pa bwalo, 0 n'kugona pa mzerewo. Chakudya chinatuluka bwinobwino. Chigawo chotsatira chimayambira pa mzere umene mwangojambula kumene, choncho ndinatembenuza pulotirakita, ndipo apa mpamene satana analowera. Kachipangizo kameneka kali ndi mizere iwiri ya manambala, wina woyambira kumanja, wina kumanzere. Mumatsatira umene 0 wake wagona pa mzere wanu. Ine ndinapeza 108 pa mzere winawo, ndipo ngodya inatuluka ya madigiri 72, chifukwa 180 kuchotsa 108 ndi 72. Magetsi anali atazima, ndinkagwiritsa ntchito kandulo. Sindikudziikira kumbuyo, ndikungotchula.

Chigawo chomaliza sindinachiyeze, ndinati chotsalacho ndi chomwecho. Madigiri 36 amene holo inataya anakagwera kumeneko, zina ndi zina n'kunenepa kufika pa 72. Woyang'anira zina ndi zina anali ndani? Ine.

Tsiku la msonkhano ndinamata tchaticho pakhoma monyadira. Amalume a mkwati anavala magalasi, n'kuyandikira. Anawavula, anawapukuta ndi tayi, anawavalanso. Anaika chala pa holo, kenako pa zina ndi zina, n'kubwereranso pa holo. Chipinda chonse zii, moti ndinkamva minibasi ikuitanira anthu kumsewu. Chala chija chinayenda ulendo umenewu kasanu, ine thukuta lili kamukamu.

"Achimwene," anatero, "zina ndi zinazi zikulingana ndi holo yonse. Kodi ndi zinthu zanji, zili ndi matayala?"

Anandipulumutsa ndi mwana wa Sitandade 7 amene ankagawa madzi. Anaika kona ya kope lake pa chigawo cha holo. Kona ya kope ndi madigiri 90, ndiye chigawo cha 108 chimayenera kuiposa, koma changa chinabisala kunsi kwa kopelo.

Anthu anaseka, amalume sanaseke. Malisiti anawatengabe, mpaka lero sanabweze.