Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Kalata ya mwini chigayo

M'gawo lathali ndinalekera pamene ndinasiya ntchito ya m'sitolo mumzinda wa Tete n'kubwerera kwathu ku Ulongwe. Kuno ku Mozambique boma limalemba m'Chipwitikizi, ife timayankhula Chichewa, ndipo Chingerezi ndinachitola ku Dedza komwe tinathawira nkhondo ndili mwana, mpaka mtendere wa mu 1992 utabwera. Choncho aliyense wokhala ndi pepala lofuna Chingerezi ankagogoda pakhomo panga.

Mu Seputembala 2023 kunabwera mnyamata wina wa m'mudzi mwa mayi anga, envulopu ili m'thumba la malaya. Mkulu wake wa ku Joni anali atamupezera malo pa famu ina, ntchito yosamala mainjini a madzi, koma eni famuwo anati abweretse kalata yochokera komwe ankagwira ntchito. Iye anali atagwira pa chigayo cha dizilo cha bambo ena achikulire cha ku Domwe. Bambowo amalemba Chichewa chokha, chimene anaphunzira ku tchalitchi.

"Malume, mungoitembenuza lero lomwe, basi ndinyamuke," anatero.

Kalatayo inali pa pepala long'ambidwa mu kope, inki yabuluu, m'mphepete muli kadontho ka oyilo. Inkati: "Uyu ndi mwana wanga. Wakhala nane kuyambira chaka cha madzi aja. Ndi wofatsa, alibe dzanja lalitali, ndipo injini amaimva. Mulandireni."

Ndinaimasulira usiku womwewo monga momwe inalili, liwu ndi liwu, ndipo tinaijambula pa foni n'kuitumiza. Patapita masiku atatu mkulu wake anaimba. Woyang'anira famu anaikankhira pambali, akuti kalata ya bambo kuyamikira mwana wake si umboni. Mnyamatayo anakhala pakhonde panga atagwira tsaya, ndipo mtima unandipweteka chifukwa cholakwacho chinali changa. Bambo aja si bambo ake omubereka, alibe naye ubale ngakhale wa kumtunda. Kwathu munthu wamkulu akati "mwana wanga" kwa wantchito wake akutanthauza kuti amamudalira ngati wa m'nyumba. Liwu la Chingerezi limene ndinaika ine limanena za magazi basi. Kalata yotere amafuna ilembedwe ndi munthu amene si wachibale, ndiye ine ndinaipha ndi chiganizo choyamba.

Nditaiwerenganso modekha ndinaona kuti mavuto sanali pamenepo pokha. "Dzanja lalitali" ndinalisiya ngati dzanja, pamene bambowo ankanena kuti mnyamatayo saba. "Wofatsa" ndinaika liwu limene kwa iwo lingamveke ngati munthu wachete, wosachangamuka. Nanga "chaka cha madzi aja" ndi liti kwa munthu wa ku Joni?

Apa mnyamatayo anandinong'oneza kuti, "Malume, ingolembani nokha yabwino. Muikemo kuti ndine makaniko. Adziwa ndani?" Ndinakana, ndipo ndikanakanabe lero. Womasulira ali ndi ufulu wosintha mawu kuti tanthauzo lifike, monga kuchotsa dzanja n'kuika kukhulupirika. Alibe ufulu woika mfundo imene mwini kalata sananene. Udindo, zaka, maluso, zonsezo ziyenera kutuluka m'kamwa mwa wosayinayo. Ndipo akanafika kumeneko n'kupatsidwa injini yoti aiphwasule yonse, bodzalo likanaululika tsiku loyamba, ali kutali ndi kwawo.

Loweruka tinakwera njinga yamoto kupita kuchigayoko. Tinawapeza bambowo atayera ndi ufa mpaka m'nsidze. Anazimitsa injini kuti timvane, azimayi a pamzere n'kumatiyang'ana.

"Wawa Bambo, kalata yanu ndi yabwino, koma anthu a kutali sakudziwani. Ndili ndi mafunso."

Ndinayamba ndi nthawi. Madzi aja anali a mu Malichi 2019, pamene mtsinje wa Revubwe unasefukira n'kumiza nyumba kumunsi cha ku Tete. Sindinafune kuti tingodalira kukumbukira, ndiye anatulutsa kope lamafutamafuta lolembamo malipiro. Dzina la mnyamatayo linayamba kuoneka mu Epulo 2019 ndipo linalekeza mu Ogasiti 2023. Zaka zinayi ndi miyezi isanu.

Kenako ndinafunsa kuti "injini amaimva" n'kutani. Apa ndiye bambowo anamasuka. Anati mnyamatayo ndiye ankayang'ana oyilo ndi madzi m'mawa uliwonse asanalize injini, ankasintha oyilo ndi mafyuluta, kukunga malamba, kusintha sefa ndi nyundo za chigayo zikatha. Dizilo akatha mu thanki n'kulowa mpweya m'mapaipi, ankautulutsa yekha injini n'kulira. Tsiku lina anaizimitsa mwadzidzidzi atamva kaphokoso kachilendo, ndipo atatsegula anapeza beringi itayamba kudyeka. Koma ntchito yaikulu yotsegula mkati mwa injini ankaitanira makaniko wa ku Ulongwe, mnyamatayo n'kumathandizira. Ndinalemba zonsezo, ndi malire akewo. Za dzanja lija anati kwa zaka ziwiri zomaliza mnyamatayo ndiye ankalandira ndalama za ogayitsa, ndipo madzulo zinkagwirizana ndi za m'kope. Chiganizo chimenechi n'cholemera kuposa kungoti "ndi wokhulupirika", chifukwa chikusonyeza pomwe anayesedwera.

Ndinawapempha kuti alembenso kalatayo m'Chichewa ndi dzanja lawo, zonsezi zilimo, kuti ya Chingereziyo ikhale ndi mayi wake woifanana. Pa "mwana wanga" anakakamira pang'ono. Tinagwirizana kuti alembe kuti, "Si m'bale wanga, koma ndinkamudalira ngati wa m'banja langa." Analembanso kuti mnyamatayo akuchoka mwa kufuna kwake, osati pochotsedwa.

Pomasulira kachiwiri ndinaika pasipoti ya mnyamatayo patsogolo panga. Apa pali dzenje limene ambiri kuno amagweramo. Mayina athu m'mapepala a boma analembedwa m'kalembedwe ka Chipwitikizi: pomwe ife timaika ny iwo amaika nh, pa k amaika c kapena qu, pa w kawirikawiri amaika u. Bambo aja analemba dzina monga timalitchulira, koma m'pasipoti linali losiyana zilembo ziwiri. Ndinakopera la m'pasipoti chilembo ndi chilembo, n'kuikaponso nambala yake, kuti pasakhale wokayika kuti ndi anthu awiri. Miyezi ndinailemba m'mawu, osati m'manambala okha. Pa nambala ya foni ndinayamba ndi +258, ndipo popeza bambowo samva Chingerezi, anavomera kuti tiikepo ya mwana wawo wamkazi, mphunzitsi, n'kufotokoza m'makalata onse awiri kuti iye ndiye adzamasulira akaimba.

Pansi pake ndinalemba mizere yanga: dzina langa, tsiku, ndi mawu oti ndamasulira kuchokera m'Chichewa mokhulupirika, n'kusayina. Lolemba tinapita ndi bambowo kwa notaliyo, atatenga chiphaso chawo, kuti siginecha yawo itsimikizidwe ndi chidindo. Mnyamatayo ndinamuuza mosabisa kuti chidindocho chikungotsimikiza kuti wosayina ndi bambowa, osati kuti zolembedwazo n'zoona. Ndinamuuzanso kuti ine sindine womasulira wolumbira. Kwa mwini famu kalata yanga ingakwane, koma ofesi ya boma ikadzafuna zomasulira za wolumbira, adzayenera kulipira munthu wotero.

Tinamata mapepala awiriwo pamodzi, la Chichewa pansi, la Chingerezi pamwamba, n'kuwakulunga m'pulasitiki chifukwa mvula inali pafupi. Ananyamuka Lachinayi m'bandakucha. Patatha milungu iwiri mphunzitsi uja anandipeza pamsika, nati a ku famu aja anaimba, ndipo funso lawo loyamba linali la beringi ija. Anathamanga ndi foni mpaka kuchigayo, bambo ake n'kuzimitsanso injini kuti ayankhe.